Mphindi imodzi ndi theka yoitanira ophunzira: chonena ndi chosunga

M'chaka cha 1960, Alfred Hitchcock atamaliza kujambula filimu yake ya Psycho, anatulutsa kanema woitanira anthu amene anali wotalika mphindi zoposa zisanu ndi chimodzi. M'kanemayo Hitchcock mwini wake akuyenda pang'onopang'ono pamalo pamene anajambulira filimuyo, ngati munthu woonetsa alendo nyumba. Akufika pamasitepe n'kunena kuti pamenepa panaphedwa munthu, akuyamba kufotokoza mmene thupi linagwera, kenako akudukiza mawu n'kupitirira. Akutsegula kabati, akusuzumira, nkhope yake ikusintha, akutseka osaonetsa zimene waona. Kumapeto akulowa m'bafa, akukoka katani, mayi akukuwa, kanema n'kutha. Woonera amachokapo akudziwa kuti filimuyo ndi ya zakupha, akudziwa nyumba yake ndi bafa lake, koma wopha ndi chifukwa chake sakuzidziwa.

Aliyense amene wakonza kosi ya pa intaneti amakumana ndi ntchito yomweyi, kungoti iye sapatsidwa mphindi zisanu ndi chimodzi. Pamalo ogulitsira makosi monga Udemy, Coursera ndi MasterClass, tsamba la kosi limakhala ndi kanema wamfupi amene munthu amaonera ulere asanalipire. Kanemayu ndi wolawitsa chabe, ndipo nthawi zambiri amakhala wa mphindi imodzi kapena ziwiri. Asanajambulidwe amayenera kulembedwa, liwu ndi liwu, chithunzi ndi chithunzi. Ambiri amalakwitsira pakulembapa, kamera isanayatsidwe n'komwe.

Vuto lake ndi lakuti mphunzitsi amakokedwa mbali ziwiri. Ena amachita mantha kuti akanena zambiri anthu sagula, choncho amangodzaza kanemayo ndi malonjezo opanda kanthu: kosi iyi isintha moyo wanu, muphunzira zinsinsi zonse. Ena, chifukwa chokonda phunziro lawo, amakhuthula zonse, n'kuwerenga mitu ya kosi kuyambira woyamba mpaka womaliza. Woonera kanema wa munthu woyambayo sakhala ndi funso lililonse m'mutu, pakuti sanapatsidwe chogwira. Woonera wachiwiri amatopa mutu wachinayi usanafike.

Katswiri wina wa payunivesite ya Carnegie Mellon ku Amereka, George Loewenstein, anafotokoza bwino gwero la zimenezi mu 1994. Iye anati chidwi chofuna kudziwa chimabadwa munthu akazindikira kuti pali mpata pakati pa zimene akudziwa ndi zimene akufuna kudziwa. Mfundo imene olemba makanemawa amaiphonya ndi yakuti munthu sangaone mpatawo ngati sakudziwa kalikonse. Amene sanamvepo za mayiko a ku Afirika sada nkhawa ndi dzina la likulu la Burkina Faso, koma amene akudziwa malikulu ambiri n'kuiwala limeneli sapeza mtendere mpaka alikumbukire. Mu 2009 ofufuza a ku Caltech, pamodzi ndi Loewenstein yemweyo, anayesa anthu ndi mafunso a mpikisano. Anapeza kuti chidwi chinkakwera kwambiri pa mafunso amene munthu ankaganizira yankho lake koma osatsimikiza. Pa mafunso amene sankawadziwa mpang'ono pomwe, ndiponso pa amene ankawadziwa bwino, chidwi chinali chochepa.

Tanthauzo lake kwa wolemba ndi lakuti kubisa kokha sikubala chidwi. Ayenera kuyamba wapereka kanthu kenikeni, kuti woonera afike pakati pa njira, kenako n'kumusiyira funso limodzi looneka bwino. Wogulitsa mavwende pamsika amachita chimodzimodzi: amadula kachidutswa kofiira n'kukapereka, sakuuza wogula kuti angokhulupirira kuti m'kati ndi motsekemera.

Nanga chopereka ndi chiti, chosunga ndi chiti? Apa kanema wa kosi akusiyana ndi wa filimu. Mu 2000, kanema woitanira anthu ku filimu ya Cast Away anaonetsa kuti munthu amene Tom Hanks ankasewera anapulumuka pachilumba n'kubwerera kwawo. Anthu ambiri anadandaula kuti mathero aululidwa, koma wotsogolera filimuyo, Robert Zemeckis, anayankha kuti oonera amafuna kudziwiratu chimene akukalipira. Pa filimu anthu angatsutsane naye. Pa kosi, Zemeckis akunena zoona. Munthu amene akutulutsa ndalama ndi nthawi yake ali ndi ufulu wodziwa mathero: akamaliza adzatha kuchita chiyani? Choncho mathero a kosi ayenera kuonetsedwa poyera. Chosunga ndi njira yofikira kumeneko.

Kuti zimveke, tiyerekeze mlangizi wa ziweto amene wakonza kosi ya masabata awiri oyambirira a anapiye a nkhuku zoyera, nthawi imene alimi ambiri amataya anapiye. Kosi yake ili ndi maphunziro a kakonzedwe ka khola, kutentha, madzi ndi chakudya, ndi katemera. Akufuna kanema wa masekondi 90.

Mwachibadwa, zolemba zake zoyamba zidzayamba ndi moni, dzina lake, sukulu zimene anapitako ndi zaka zimene wagwira ntchito. Ulemu umenewu ndi wabwino pamsonkhano wa alimi, pamene anthu akhala kale pansi ndipo sachoka. Pafoni n'zina. Pa YouTube malonda ambiri amatha kudumphidwa pakangotha masekondi asanu, ndipo pa Facebook kanema amatha kuyamba kusewera popanda mawu munthu akungodutsa ndi chala. Moni ndi mbiri zikatenga masekondi makumi awiri, mlangiziyo adzafika pa nkhani ya anapiye akulankhula yekha.

Zolemba zabwino zimagawa tsamba pawiri: kumanzere zooneka, kumanja zomveka. Pamzere woyamba, kumanzere, mlangizi alembe kuti kamera ili pamwamba pa khola m'bandakucha, mbaula ya makala ikuyaka pakati, zomwera ndi zodyera zili zodzaza, koma anapiye onse aunjikana mbali imodzi. Kumanja alembe funso limodzi lokha: "N'chifukwa chiyani anapiye onsewa athawira mbali imodzi?" Poyamba akanatha kulemba kuti mbaula ikuyaka ndipo chakudya chilipo, koma mawu amenewo ndi ongowononga nthawi chifukwa chithunzi chawanena kale. Funsolo lilembedwenso pasikirini, kuti woonera mosatsegula mawu aliwerenge.

Funsoli likugwira ntchito chifukwa mlimi aliyense amene anawetapo nkhukuzi anazionapo zimenezi, ndipo ali ndi yankho loganizira. Wina ati n'kuzizira, wina ati ndi matenda. Ali pakati pa kudziwa ndi kusadziwa, pamalo pamene ofufuza aja anapeza kuti chidwi chimakwera. Funso lakuti "Kodi mukufuna kulemera ndi nkhuku?" silingachite zimenezi, chifukwa yankho lake ndi inde basi, ndipo likayankhidwa palibe chotsala.

Masekondi khumi ndi asanu otsatira ndi a vuto la woonera, lonenedwa m'mawu ake. "Mwagula anapiye 100. Sabata isanathe, m'mawa uliwonse mukutola akufa. Mwasintha mankhwala, koma palibe chikusintha." Apa wolemba asafulumire kuopseza kapena kukokomeza. Cholinga n'chakuti mlimi anene mumtima kuti munthuyu analowamo m'khola. Mawu oterewa sapezeka pokhala pa tebulo. Amapezeka pomvetsera mmene alimi eniake amadandaulira, ndipo mphunzitsi amene wakhala akuyankha mafunso a ophunzira ali nawo kale ambiri.

Kenako pakubwera gawo limene aphunzitsi ambiri amaliopa, lopereka phunziro lenileni ulere. Mlangizi aonetse zithunzi ziwiri. Pachoyamba anapiye apanikizana pafupi ndi mbaula, akulira. "Akaunjikana pamoto, akumva kuzizira." Pachiwiri abalalikira kumakoma, kutali ndi moto, milomo ili yasa, mapiko atatambasuka. "Akathawira kumakoma uku akupuma wefuwefu, kwatentha kwambiri." Izi ndi zoona, ndipo mlimi akhoza kukazigwiritsa ntchito usiku womwewo osalipira kanthu. Ndiye chithunzi choyamba chija chibwerenso, anapiye ali mbali imodzi. "Koma awa sali pamoto, sanabalalike ndi makoma onse. Akuthawa chinthu china, ndipo tiyamba nacho m'phunziro loyamba."

Yankho lake, kwa owerenga magazini ino, ndi mphepo. Anapiye akaunjikana mbali imodzi, kawirikawiri pamakhala mphepo yolowera pamng'alu kapena pansi pa chitseko, ngakhale kuti kuwala kosafanana kapena phokoso zingachititsenso. Chofunika kuona ndi kapangidwe ka mpatawo. Mwa zizindikiro zitatu, ziwiri zaperekedwa, chimodzi chasungidwa. Woonera watsimikiza kuti mlangiziyu amadziwa ntchito yake, waphunzira kuti malo ogona anapiye amawerengedwa, ndipo akudziwa bwino lomwe chimene chikumusowa. Akanabisa zonse zitatu, akanaoneka ngati wamalonda wamba. Akanaulula zonse, mlimi akanathokoza n'kupitirira.

Kodi mlangizi sakutaya katundu wake popereka ziwirizo? Ayi. Munthu salipira kosi chifukwa cha mfundo imodzi, pakuti mfundo zoterezi zili m'mabuku a ulimi ndipo alimi anzake angamuuze. Amalipira ndondomeko: chochita tsiku loyamba, chochita tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndi munthu woti amutsogolere. Kosi imene ingathe mphamvu chifukwa chakuti mfundo ziwiri zaululidwa ndiye kuti inali yopyapyala kale, ndipo vutolo silingakonzedwe ndi kanema.

Tsopano, pafupifupi theka la nthawi litapita, mlangizi aonekere ndi kunena dzina lake. Panthawiyi woonera ali ndi chifukwa chofunira kudziwa kuti akulankhulayu ndani. Makanema a MasterClass, kampani imene inayamba kugulitsa makosi mu 2015 ndi aphunzitsi monga Serena Williams ndi James Patterson, amadziwika ndi kachitidwe kameneka. Amadzaza ndi tizidutswa ta mphunzitsi ali pantchito, akuwongolera wophunzira, akuyamba mfundo imene sikumalizidwa, ndipo mphunzitsiyo amadzitchula dzina kumapeto kwenikweni. Iwo angathe kudikira mpaka kumapeto chifukwa nkhope zawo ndi zodziwika kale. Mlangizi wosadziwika asadikire chotero, koma asapitirire ziganizo ziwiri, ndipo asankhe umboni umene ukukhudza kosiyo. Kunena kuti wakhala akuyendera makola a alimi kwa zaka zakutizakuti kuli ndi mphamvu kuposa kutchula masatifiketi onse. Ndipo zikhale zoona.

Nkhope yake ionekere ndithu. Mu 2014 Philip Guo ndi anzake awiri anafufuza mmene ophunzira ankaonerera makanema a makosi pa edX, ndipo anawerenga maulendo oonera okwana 6.9 miliyoni. Anapeza kuti makanema amene ankaonetsako nkhope ya mphunzitsi, komanso amene mphunzitsi ankalankhula mwachangu ndi mwamoyo, ankagwira anthu nthawi yaitali. Kafukufukuyo anali wa makanema a maphunziro enieni, osati olawitsa, koma n'zomveka kuti munthu amene akuganiza zokhala maola angapo akumvetsera mphunzitsi amafuna kumva liwu lake ndi kuona mmene amaphunzitsira. Kulemba ntchito wowerenga wa mawu osalala kuti alankhule m'malo mwa mphunzitsi kumabisa chinthu chimene wogula amafunitsitsa kuyesa.

Masekondi makumi awiri otsatira ndi a lonjezo, ndipo apa sipofunika chinsinsi chilichonse. "Mukamaliza kosiyi mudzatha kukonza khola anapiye asanafike, kuwerenga kutentha poyang'ana anapiyewo, ndi kudziwa tsiku loyamba lomwe ngati adya ndi kumwa." Kumanzere kwa tsamba alembe dzanja likugwira mwanapiye, chala chikupapasa chithokomiro. Mlimi aona kuti pali njira yodziwira, aona ngakhale pogwira, koma sanauzidwe kuti apapase patatha maola angati, anapiye angati, ndi kuti chithokomiro cholimba chikusiyana bwanji ndi chofewa. Uwu ndi mpata wachiwiri, waung'ono, wotsegulidwa ndi chithunzi popanda liwu. Mipata iwiri ndi yokwanira. Kanema amene amafunsa mafunso asanu osayankha amasanduka wotopetsa, ndipo woonera amayamba kumva kuti akuseweretsedwa.

Pali zinthu zimene siziyenera kubisidwa ngakhale zitaoneka kuti zingachepetse ogula. Choyamba ndi amene kosiyo yawakonzera. Ngati ndi ya alimi a anapiye mazana ochepa ofunditsa ndi makala, anene, kuti mwini famu yaikulu ya magetsi asagule n'kukhumudwa. Chimodzimodzi kutalika kwa kosi, chilankhulo chake, ndi zimene wophunzira ayenera kukhala nazo. Kwa ophunzira amene amagula bandulo ya intaneti ya tsiku kapena ya sabata, kudziwa ngati makanema angathe kusungidwa m'foni n'kofunika ngati mtengo womwe. China chosayenera kusanduka nyambo ndi chenjezo la ngozi. Makala oyaka m'chipinda chotsekedwa amatulutsa mpweya wakupha, kwa anapiye ndi kwa munthu amene wagona momwemo powalondera. Mlangizi amene angati pali cholakwika chimodzi chimene chingakupheni, lipirani kuti muchidziwe, wachita zoipa. Chenjezo lotere linenedwe poyera kapena lisatchulidwe n'komwe m'kanemayo.

Masekondi khumi omaliza ndi a pempho limodzi: kulembetsa, kapena kuonera phunziro loyamba. Kupempha munthu kuti alembetse, agawireko anzake, atsatire tsamba ndiponso aimbe foni, n'kumupatsa mwayi wosachita chilichonse.

Zolembazo zikatha, ziwerengedwe mokweza wotchi ili pambali. Malangizo ambiri a m'Chingerezi amati mphindi imodzi imalowa mawu pafupifupi 150, koma chiwerengero chimenechi chingasocheretse wolemba m'Chichewa, pakuti mawu athu ndi aatali ndipo liwu limodzi limanyamula zimene Chingerezi chimanena ndi mawu angapo. Muyeso wodalirika ndi pakamwa pa mphunzitsi yemweyo, akuwerenga pa liwiro limene adzalankhulire pa kamera, ndi kusiya malo opumira pamene chithunzi chiyenera kulankhula chokha. Chithunzi cha anapiye a mbali imodzi chikabwerera, pafunika masekondi awiri kapena atatu a zii kuti woonera ayese kuyankha yekha. Nthawi ikapitirira, chodula choyamba ndi mawu otamanda kosi, kenako mbiri ya mphunzitsi. Phunziro laulere lija lisakhudzidwe.

Kudziwa ngati mulingo wa chobisa ndi choulula wakhala bwino n'kotheka ndalama zojambulira zisanawonongeke. Mlangizi awerengere zolembazo alimi angapo enieni, osati achibale ofuna kumusangalatsa, kenako awafunse mafunso awiri: kosiyi ikuphunzitsa chiyani, ndipo mwatsala ndi funso lanji? Akalephera kuyankha loyamba, ndiye kuti wabisa kwambiri. Akayankha loyamba koma pa lachiwiri n'kunena kuti zonse zamveka, waulula kwambiri kapena sanatsegule mpata. Chimene akufuna kumva ndi mlimi akumufunsa iye kuti, nanga aja a mbali imodzi aja vuto n'chiyani?

Kanemayo akatuluka, YouTube imaonetsa mwini wake mzere wosonyeza pamene anthu anasiyira kuonera, sekondi ndi sekondi. Anthu ena amachoka koyambirira pa kanema aliyense, koma mzerewo ukagwa kwambiri pamenepo, funso loyamba silinawagwire. Ukagwa pamene mphunzitsi wayamba kudzifotokoza, mbiri yatalika. Anthu akaonera mpaka kumapeto koma osalembetsa, mwina lonjezo silikumveka kapena pempho ndi losokonekera. Chizindikiro choopsa kwambiri chimabwera pambuyo pake: anthu ambiri kulembetsa kenako n'kuitanitsa ndalama zawo. Udemy imapatsa ogula masiku 30 oti apemphe kubwezeredwa ndalama, choncho kanema wolonjeza zimene kosi ilibe amangobwereka ndalama zimene zidzabwezedwe, n'kusiya ndemanga zoipa zimene sizichoka patsamba. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo mlangizi amene angalembe kuti simudzatayanso mwanapiye ngakhale mmodzi walonjeza zimene palibe katswiri angakwanitse, chifukwa chitopa kapena anapiye obwera kale ofooka sizimva kosi.

N'chifukwa chake kanemayu amalembedwa bwino kosi itatha kujambulidwa, osati isanayambe. Mlangizi amakhala ndi maphunziro enieni patsogolo pake, amasankha mfundo yolawitsa pa zimene zilimodi, ndipo angatenge tizidutswa ta makanema a kosiyo kuti wogula aone kuwala, mawu ndi khola zimene adzazipeze m'katimo. Kenako abwerere ku phunziro loyamba n'kuona ngati likuyankha funso la anapiye a mbali imodzi m'mphindi zake zoyambirira. Ngati yankho linaikidwa m'phunziro lachisanu ndi chimodzi, asankhe chimodzi: alisamutsire kutsogolo, kapena asinthe chiganizo cha m'kanema kuti chitchule phunziro lolondola.